Wayilesi ikukondera? Umu ndi momwe amayezera

Chisankho chikayandikira m'Malawi muno, dandaulo limodzi silisowa: wayilesi yakutiyakuti ikukondera. Otsutsa boma amaloza chala wayilesi ya boma, a chipani cholamula amaloza mawayilesi omwe si aboma, ndipo aliyense amakhala ndi nkhani imodzi kapena ziwiri zomwe adadzimvera yekha. Koma khutu limasankha. Munthu amasunga mumtima nkhani yomwe idamupweteka, n'kuiwala makumi atatu zomwe zidadutsa bwinobwino. N'chifukwa chake bungwe ngati MACRA, lomwe limayang'anira nyumba zoulutsa mawu, kapena wofufuza wa kusukulu ya ukachenjede, sangaweruze mlandu wotere ndi zomwe akukumbukira. Ayenera kujambula nkhanizo, kuzigawa m'magulu motsata malamulo olembedwa, kenako n'kuwerenga kuti gulu lililonse lili ndi zingati.

Kuwerenga si kovuta, mwana wa sitandade 5 atha kuwonkhetsa. Povuta ndi pogawa. Ndani wanena kuti nkhani iyi ndi yokomera chipani ndipo iyo si yokomera? Ngati wogawayo ndi mmodzi, ndiye kuti tangobwerera ku khutu lomwe lija, kungoti tsopano lavala manambala. Njira yomwe akatswiri adapeza ndi yopatsa anthu awiri nkhani zomwezo ndi malamulo omwewo, aliyense agawe payekha, kenako n'kuona ngati akugwirizana.

Mkangano wa kagawidwe ndi wakale ngati ntchito yomweyi. M'zaka za m'ma 1700 ku Sweden kudatuluka buku la nyimbo 90 zotchedwa Nyimbo za Ziyoni, ndipo atsogoleri a mpingo wa boma adati zikusocheretsa anthu. Ena adawerenga zizindikiro zachipembedzo za m'nyimbozo n'kunena kuti umboni ndi umenewu. Anzawo adawerenga zizindikiro zomwezo m'buku la nyimbo lovomerezeka n'kupeza kuti kusiyana kulibe. Pamenepo mtsutso udachoka pa nyimbo n'kupita pa kawerengedwe. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Harold Lasswell ndi anzake ku Amereka ankawerenga mwadongosolo zomwe nyuzipepala za maiko ena zinkalemba kuti aone kumene mabodza a nkhondo akulowera, ndipo mu 1952 Bernard Berelson adalemba buku lomwe lidaika njirayi pamzere wake m'maphunziro a utolankhani.

Tiyeni tiyerekeze kuti tapatsidwa ntchitoyi. Funso ndi lakuti: pa miyezi iwiri ya misonkhano yokopa anthu, kodi nkhani za madzulo za pawayilesi ina zidakomera chipani cholamula? Wayilesiyo ndi yongopeka, ndipo manambala onse a chitsanzochi ndi ophunzitsira chabe.

Choyamba ndi kusankha zoti tijambule. Miyezi iwiri ndi yochepa, choncho titha kujambula nkhani za madzulo tsiku ndi tsiku. Zikadakhala za chaka chathunthu sitikadakwanitsa, ndipo sitikadatenga sabata imodzi yotsatizana, chifukwa sabata ya maliro a munthu wotchuka kapena ya madzi osefukira siifanana ndi masabata ena. Ofufuza nyuzipepala amamanga sabata yawoyawo: amatola mwamaere Lolemba la mwezi wina, Lachiwiri la mwezi wina, mpaka masiku onse akwane. Amatero chifukwa nyuzipepala ya Lolemba imadzaza ndi zamasewero a kumathero a sabata pomwe ya tsiku lina imalemera ndi zamalonda. Kafukufuku wa Daniel Riffe ndi anzake mu 1993 adaonetsa kuti masabata awiri omangidwa motere amaimira bwino chaka cha nyuzipepala yotuluka tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi kugwirizana kuti chinthu chimodzi chomwe tikuwerenga n'chiyani. Kodi ndi nkhani yonse, chiganizo chimodzi, kapena munthu aliyense woyankhula? Ife titenga nkhani yonse, kuyambira pomwe wowerenga nkhani wayiyamba mpaka pomwe walowa ina. Ngakhale apa pali pogwa. Mitu ya nkhani yomwe amaitchula koyambirira ndi kubwereza kumapeto, tiiwerenge ngati nkhani? Wowerenga akachoka pa msonkhano wa chipani ku Mzuzu n'kunena kuti "pakadali pano ku Mangochi", chipani chili chomwecho, ndi nkhani imodzi kapena ziwiri? Anthu awiri akasiyana pa malire a nkhani, mmodzi apeza nkhani 9 pomwe mnzake wapeza 11, ndipo zotsatira zonse zasokonekera asanayambe n'komwe. Chanzeru n'chakuti munthu mmodzi adule nkhanizo ndi kuzipatsa manambala, osanja awiriwo alandire zodulidwa kale.

Tsopano tafika pa kabuku ka malamulo, komwe ndi mtima wa ntchito yonse. Kabukuka kamakhala ndi mafunso omwe wosanja ayenera kuyankha pa nkhani iliyonse, mayankho ololedwa, nambala ya yankho lililonse, ndi tanthauzo lake. Pambali pake pamakhala fomu: mzere umodzi nkhani imodzi, danga limodzi funso limodzi. M'kabuku kathu funso loyamba ndi tsiku. Lachiwiri ndi malo a nkhaniyo, kaya ndi yoyamba, yachiwiri kapena yomaliza. Lachitatu ndi kutalika kwake m'masekondi, koyezedwa ndi wotchi. Ikadakhala nyuzipepala tikadayeza ndi lula kukula kwa malo omwe nkhani yatenga, n'kulembanso tsamba lake. Lachinayi likufunsa chipani chomwe nkhaniyo ikukamba: 1 cholamula, 2 chotsutsa, 3 zonse ziwiri, 4 palibe chipani. Lachisanu likufunsa ngati mawu a wandale adamveka enieni kapena mtolankhani adangowafotokoza. Lachisanu ndi chimodzi ndilo lomwe aliyense akudikira: kodi nkhaniyi ikukomera chipani cholamula, inde kapena ayi?

Mayankho a funso lililonse ayenera kukwaniritsa zinthu ziwiri. Nkhani iliyonse ipeze pokhala, ndipo pokhalapo pakhale pamodzi pokha. Funso la mutu wa nkhani likakhala ndi mayankho akuti "ulimi" ndi "chuma", nkhani ya mtengo wa feteleza ipita kuti? Kabuku kayenera kunena. Pamakhalanso yankho lakuti "zina" lolandira zosowa kwawo, koma mukaona kuti "zina" zikufufuma mpaka kuposa magulu enieni, dziwani kuti amene adalemba kabukuko adalemba asanamvere nkhani zokwanira.

Mafunsowa salemera mofanana. Asanu oyambawo amafunsa zomwe zili poyera. Chitsanzo chabwino cha mphamvu ya mafunso otere ndi kauniuni wa Global Media Monitoring Project, yemwe adayamba mu 1995 m'maiko 71 ndipo amabwerezedwa zaka zisanu zilizonse. Pa tsiku limodzi losankhidwa, anthu odzipereka m'maiko ambiri amatenga nyuzipepala, wayilesi ndi kanema n'kulemba ngati munthu wotchulidwa kapena woyankhula m'nkhani ndi mwamuna kapena mkazi. Mu 1995 amayi adali 17 pa anthu 100 alionse, mu 2010 ndi mu 2015 adali 24, mu 2020 adali 25. Manambalawa timatha kuwaika pamzere umodzi chifukwa funso lake silisiya mpata waukulu wotsutsana. Koma funso lathu lomaliza silili choncho. Likufuna kuti wosanja aweruze, ndipo pomwe pali kuweruza ndi pomwe anthu amasiyana.

Osankha fodya amadziwa bwino zimenezi. Giredi ya tsamba imakhala ndi tanthauzo pokhapokha osankha awiri, atapatsidwa tsamba lomwelo aliyense kumbali kwake, aliika pamulu umodzi. Ngati wina akuti ndi lapamwamba pomwe mnzake akuti ndi lapansi, giredi yolembedwa pabelo ikutiuza za wosankhayo, osati za fodyayo.

Ndiye tapeza osanja awiri, mayi wina ndi bambo wina. Ndi bwino kuti amene adalemba kabuku asakhale mmodzi wa iwo, chifukwa iye amadziwa zomwe ankatanthauza ngakhale pomwe sadazilembe, pomwe ife tikufuna kuyesa zolembedwazo. Tawaphunzitsa ndi nkhani zingapo tili pamodzi, akufunsa, tikuyankha. Kenako tatola mwamaere nkhani 100 zomwe sadazimvepo, n'kuwapatsa aliyense kuti akasanje kwayekha. Saloledwa kufunsana, ngakhale pafoni. Pa kafukufuku wamkulu, chizolowezi n'chakuti nkhani zoyeserazi zisachepere gawo limodzi mwa magawo khumi a nkhani zonse, komanso zisachepere 50.

Mafomu abwera. Pa tsiku ndi malo a nkhani agwirizana paliponse. Pa masekondi asiyana pang'ono apa ndi apo. Pa funso la kukomera zatuluka motere: pa nkhani 80 onse awiri alemba ayi, pa nkhani 5 onse awiri alemba inde, pa nkhani 10 mayi alemba inde pomwe bambo alemba ayi, ndipo pa nkhani 5 bambo alemba inde pomwe mayi alemba ayi. Agwirizana pa 85 mwa 100.

Mwana akabwera ndi 85 kuchokera kusukulu timamugulira fanta. Apa ayi, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Nkhani zambiri za pawayilesi sizikomera aliyense: ngozi yapamsewu, mitengo ya chimanga, mpira, nyengo. Tiyerekeze kuti bambo aja sadamvere n'komwe nkhanizo, adangokhala pansi n'kulemba ayi kuyambira mzere woyamba mpaka wa 100. Mayi adalemba ayi pa nkhani 85, choncho awiriwa akadagwirizanabe pa 85. Nambala yomweyo, kuchokera kwa munthu amene sadagwire ntchito. Yankho limodzi likachuluka kwambiri, kugwirizana kochuluka kumabwera kokha mwangozi, ndipo peresenti siitha kusiyanitsa kugwirizana kwa anthu omvana ndi kwa anthu ongokumana.

Jacob Cohen, katswiri wa zamaganizo wa ku Amereka, adafalitsa mu 1960 njira yochotsera gawo langozilo. Nambala yake imatchedwa kapa, ndipo masamu ake munthu atha kuwachita papepala. Mayi alemba inde ka 15 ndi ayi ka 85. Bambo alemba inde ka 10 ndi ayi ka 90. Tiyerekeze kuti aliyense wasunga chiwerengero chake cha mayankho koma wawamwaza pafomu atatsinzina. Popeza bambo amalemba ayi pa mizere isanu ndi inayi mwa khumi iliyonse, mwa ma ayi 85 a mayi, pafupifupi 76.5 akadagwera pa ayi wa bambo. Popeza bambo amalemba inde pa mzere umodzi mwa khumi, mwa ma inde 15 a mayi, 1.5 akadagwera pa inde wa bambo. Tikaphatikiza ndi 78. Kutanthauza kuti 78 mwa 100 ndi zaulere, akadazipeza ali m'tulo.

Zotsala zomwe luso likadaonekerapo ndi 22 zokha. Pa 22 zimenezi osanja athu apezapo zingati? Agwirizana pa 85, tikachotsa 78 zaulere zija patsala 7. Kapa ndi 7 kugawa ndi 22, yomwe ndi 0.32. M'mabuku masamuwa amalembedwa motere, pomwe po ndi kugwirizana komwe kwaoneka ndipo pe ndi kwangozi:

```
kappa = (po - pe) / (1 - pe)
      = (0.85 - 0.78) / (1 - 0.78)
      = 0.32
```

Kapa ikakhala 1 ndiye kuti agwirizana paliponse. Ikakhala 0 ndiye kuti sadapose ngozi, ndipo bambo wathu wolemba ayi yekhayekha uja akadapeza 0 ndendende. Nanga 0.32? Klaus Krippendorff, yemwe buku lake la mu 1980 ofufuza ambiri amalidalira, adalangiza kuti pa muyeso wake wofanana ndi umenewu munthu akhulupirire zotsatira zikafika 0.80, ndipo zapakati pa 0.667 ndi 0.80 azigwiritse ntchito mosamala ngati zongoyembekezera. Pansi pa apo, osadalira. Pali mndandanda wina wofewerapo wa Landis ndi Koch wa mu 1977, womwe umati kuyambira 0.61 mpaka 0.80 ndi kugwirizana kwakukulu, ndipo ophunzira amaukonda pa zifukwa zodziwika. Koma ngakhale pa mndandanda wachifundowo, 0.32 ndi yotsika. Ine ndinganene kuti pa mlandu woneneza nyumba youlutsa mawu kuti ikukondera pa chisankho, muyeso wolimbawo ndiwo woyenera.

Apa wofufuza waulesi amachita chimodzi mwa ziwiri. Amaitana osanja aja kuti akambirane nkhani 15 zosiyanazo mpaka agwirizane, kenako n'kulemba kuti kugwirizana kudali 100 pa 100. Kapena amaphatikiza mafunso onse asanu ndi limodzi n'kupereka nambala imodzi yokongola, momwe kugwirizana pa tsiku ndi pa masekondi kwabisa kusagwirizana pa funso lenilenilo. Zonse ziwiri ndi chinyengo. Funso lililonse liyenera kukhala ndi kapa yakeyake, yowerengedwa anthuwo asanakambirane.

Kukambirana kuli ndi ntchito yake, koma ndi yofufuza pomwe kabuku kadontha. Nkhani 15 zija ndizo chuma cha tsikulo. Tikaziyala patebulo, tipeza kuti sizidamwazike mwachisawawa. Mwa 10 zomwe mayi adati inde, 8 ndi za mtundu umodzi. Imodzi ikuti nduna yatsegulira mjigo pamudzi wina, ndipo poyankhula yati anthu aone okha amene akuwabweretsera chitukuko. Mayi akuti, "Bambo, apa mpovuta pati? Kwatsala masabata atatu kuti tivote, nduna ndi ya chipani cholamula, ndipo amayi akumveka akuimba kumbuyoku. Iyi ndi kampeni." Bambo akuyankha kuti, "Mayi, ine ndatsata zomwe zalembedwa. Kabuku kakuti chipani. M'nkhaniyi dzina la chipani silidatchulidwe, ndipo kutsegulira mjigo ndi ntchito ya boma." Palibe wolakwa pa awiriwa. Kabuku sikadanene ngati nduna yogwira ntchito ya boma pa nthawi ya kampeni ikuimira chipani kapena ayi.

Zisanu za mbali inayo zilinso ndi chifukwa chake. Ndi nkhani zomwe zimayamba ndi mtsogoleri wa chipani cholamula akulonjeza zinthu, n'kuthera ndi katswiri kapena wotsutsa akunena kuti lonjezolo silingatheke. Bambo ankaweruza ndi chiyambi cha nkhani, poganiza kuti ndicho chimatsala m'makutu a omvera. Mayi ankayeza nkhani yonse n'kuona kuti mbali ziwiri zamveka. Apanso kabuku kadali chete.

Ndiye tikonza. Funso la kukomera tilipatsa malire ooneka: nkhani ilembedwe inde ngati muli mawu otamanda chipani cholamula, mtsogoleri wake kapena boma, kapena opempha anthu kuti awavotere, ndipo mulibe mawu otsutsa ochokera kwa wina aliyense. Nduna ikangofotokoza ntchito popanda kudzitama kapena kukopa, nkhaniyo ndi ayi. Nkhani iweruzidwe yonse, osati chiyambi chokha. Nyimbo ndi nthungululu zakumbuyo zisawerengedwe pa funsoli, koma zipatsidwe danga lawolawo pafomu. Pansi pa lamulo lililonse tiikapo zitsanzo ziwiri, china cholowa ndi china chotsala pang'ono kulowa, chifukwa chitsanzo cha m'malire chimaphunzitsa kuposa tanthauzo lalitali.

Kenako tiyesanso, koma ndi nkhani 100 zatsopano. Zakale zija akuzidziwa kale mayankho ake. Ulendo uno onse alemba ayi pa 84, onse alemba inde pa 12, ndipo asiyana pa 4, ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali iyo. Agwirizana pa 96. Aliyense ali ndi inde 14 ndi ayi 86, choncho zaulere ndi pafupifupi 76, zotsala ndi 24, ndipo apezapo 20. Kapa ndi 20 kugawa ndi 24, yomwe ndi 0.83. Tsopano atha kugawana nkhani zotsalazo, aliyense n'kusanja zake.

Ntchito ikakhala yaitali pamabwera vuto lina. Wosanja amene wamvera nkhani mazana angapo amayamba kupanga malamulo akeake osadziwa, kapena amangotopa, ndipo kasanjidwe ka sabata yachitatu kamasiyana ndi ka sabata yoyamba. Mankhwala ake ndi kulowetsa mwakachetechete nkhani zingapo zofanana m'milu ya onse awiri pakati pa ntchito ndi kumapeto, n'kuwerengeranso kapa. Ikatsika, aime kaye awerengenso kabuku.

Kapa nayo ili ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Yankho limodzi likakhala losowa kwambiri, imagwedezeka ndi zinthu zazing'ono. Mu nkhani 100 momwe inde akupezeka katatu kokha, kusiyana pa nkhani ziwiri kutha kuigwetsa pansi ngakhale osanja ali aluso. Pamenepo chofunika si kutaya kapa n'kubwerera ku peresenti, koma kuonjezera nkhani zoyesera mpaka ma inde akwane oti n'kuyezera. Taonaninso mbali inayi: 85 yomwe ija, ikadachokera pa mulu womwe inde ndi ayi ali pafupifupi theka ndi theka, zaulere zikadakhala 50 zokha ndipo kapa ikadakhala 0.70. N'chifukwa chake lipoti labwino limapereka zonse, peresenti, kapa, ndi kuchuluka kwa yankho lililonse. Palinso miyeso ina ya banja lomweli, wa William Scott wa mu 1955 ndi wa Krippendorff wotchedwa alifa, womwe umathandiza osanja akaposa awiri kapena mizere ina ikakhala yosadzazidwa. Maganizo ake ndi amodzi: chotsani kaye zangozi.

Kuno kwathu palinso nkhani ya chiyankhulo. Wayilesi imodzi imawerenga nkhani m'Chingerezi ndi m'Chichewa, ina imaonjezera Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo nyuzipepala zathu zili ndi masamba a Chichewa monga Tamvani ndi Tikambe. Nkhani ya Chichewa si chithunzi cha ya Chingerezi. Mkonzi akalemba kuti wandale "wati", "wanenetsa", "wadzudzula" kapena "akuti wati", wasankha kulemera kwa mawuwo. Maina aulemu omwe amaunjikidwa patsogolo pa mtsogoleri wina, pomwe mnzake akungotchulidwa dzina, nawonso amanena kanthu. Kabuku kolembedwa m'Chingerezi n'kungopatsidwa kwa osanja nkhani za Chichewa kamasiya zonsezi m'manja mwa wosanja aliyense. Chiyankhulo chilichonse chimafuna zitsanzo zake m'kabuku ndi kuyesa kwakekwake.

Tsono 0.83 ija ikutiuza chiyani kwenikweni? Ikutiuza kuti munthu wina wophunzitsidwa, atapatsidwa kabuku komweko, akadapeza pafupifupi zomwe tapezazi. Sikutiuza kuti kabukuko kakuyeza kukondera molondola. Bwererani ku lamulo la nduna ndi mjigo lija. Tidasankha kuti nduna yongofotokoza ntchito ilembedwe ayi. Wina atha kunena, ndipo ali ndi mfundo, kuti wayilesi yomwe madzulo alionse a kampeni imayamba ndi nduna zinayi zikutsegulira milatho ikukomera chipani cholamula ngakhale pasamveke mawu amodzi otamanda. Akadalemba lamulo lake, osanja ake akadagwirizananso bwino lomwe, ndipo nambala yake ya nkhani zokomera ikadakwera kwambiri kuposa yathu. Malipoti awiri onena za wayilesi imodzi atha kusiyana kutali popanda wonama, chifukwa cha chiganizo chimodzi cha m'kabuku. Pa chifukwa chimenechi lipoti lomwe silionetsa kabuku kake ine sindilipatsa ulemu wochuluka, ngakhale litakhala ndi zithunzi zamitundumitundu. Ndipo osanja awiri okonda chipani chimodzi atha kugwirizana mokoma pa kulakwitsa komweko, choncho posankha osanja ndi bwino kutenga anthu osiyana maganizo ndi kochokera, ndiponso osawauza zomwe wofufuza akuyembekezera kupeza.

Pali chinanso chomwe fomu siingagwire: nkhani yomwe sidaulutsidwe. Ngati chipani chotsutsa chidachititsa msonkhano waukulu ku Njamba ndipo wayilesi sidatumizeko mtolankhani, pa tepi palibe choti wosanja alembe. Kuti mpata wotere uoneke, wofufuza amayenera kusunga payekha mndandanda wa misonkhano yomwe idachitika, kapena kusanja mawayilesi awiri kapena atatu pa masiku omwewo n'kuyerekeza zomwe ina idatchula ndi zomwe inzake idasiya.

Nthawi zina funso la kukomera limakana ndithu. Mwakonza kabuku kawiri, katatu, kapa ikungozungulira pa 0.5. Zikatero funsolo limachotsedwa mu lipoti, ndipo lipoti limanena kuti lachotsedwa ndi chifukwa chake. Zotsala zimakwanabe kuyankha dandaulo lija: masekondi omwe chipani chilichonse chidapatsidwa, kangati chidakhala nkhani yoyamba, ndi kangati mtsogoleri wake adamveka ndi mawu akeake m'malo mofotokozeredwa ndi mtolankhani. Pa mafunso atatu amenewa osanja awiri sasiyana kawirikawiri, ndipo mkulu wa wayilesi akakana manambalawo, atha kupatsidwa tepi ndi wotchi kuti ayeze yekha.